Kuyesa ngati mayonezi wanu sadzalekana: chikasu cha dzira ndi mkaka wa soya

Mayonezi amene angopangidwa kumene amanamiza. Onse amaoneka osalala, olimba bwino, koma pakatha masiku asanu m'nyengo yotentha ya Okutobala wina amayamba kutuluka mafuta pamwamba, wina kudikha madzi pansi pa botolo, pomwe wina amakhala chikhalire. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kudziwa zimenezi zisanachitike: wophunzira za sayansi ya zakudya, kapena gulu la kuno ku Mchinji lomwe likuyenga mafuta a mpendadzuwa ndipo likufuna kuona ngati soya wathu angalowe m'malo mwa dzira. Tipanga mayonezi wa mitundu itatu, kenako timuzunza mwadala kuti tione woyamba kugonja.

Zomwe zili m'kati mwa mayonezi

Mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mukazipukusa pamodzi mwamphamvu, mafuta amaduka kukhala timadontho toyandama m'madzi, ndipo msanganizo wotere akatswiri amautcha imalishoni. Mukangosiya kupukusa, timadonthoto timagundana n'kuphatikana mpaka mafuta onse abwerere pamwamba. Kuti zisatero pamafunika chinthu chachitatu chomwe mbali yake ina imakonda mafuta, ina imakonda madzi. Chinthucho chimakuta kadontho kalikonse ngati kachikopa. M'chikasu cha dzira ntchitoyi imagwiridwa ndi mapuloteni osakanikirana ndi mafuta pamodzi ndi chinthu chonga mafuta chotchedwa lesitini. Mu soya imagwiridwa makamaka ndi mapuloteni.

Chodabwitsa n'chakuti mu mayonezi mafuta ndiwo ambiri, komabe ndiwo amene ali m'timadontho, ndipo timadzi tochepato ndito tazinga chilichonse. Mipira yofanana kukula mukaipanikiza m'bokosi mwaluso lonse imadzaza malo osapitirira 74 peresenti. Mayonezi wolimba amapyola pamenepo, choncho timadontho timapanikizana mpaka kuphwatalala m'mbali, osatha kusuntha. Kulimba kwa mayonezi kumachokera pamenepa, osati ku ufa kapena chinthu china cholimbitsa. Pa chifukwa chomwechi amakhala pafupi ndi kuwonongeka: chotchinga pakati pa kadontho ndi kanzake n'chopyapyala kwambiri.

Taganizirani ntchito yomwe chikasu chimodzi chikugwira. Mafuta okwana mamililita 163 akaduka kukhala timadontho ta maikulomita 5 (maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), khungu la timadontho tonseto mutaliyala pansi lingakute masikweya mita pafupifupi 200, ngati bwalo la mamita 14 mbali zonse. Mukapukusa kwambiri kuti timadontho tichepe ndi theka, bwalolo limawirikiza kawiri. Chogwirizanitsa chikapanda kukwanira bwalo lonselo, malo otsala poyera ndi pamene kulekana kumayambira.

Zofunika kukonza

Sikelo ndiyo mutu wa zonse. Pamafunika yowerenga mpaka 0.1 galamu popima zosakaniza, ndipo ya 0.01 galamu ikapezeka ndi yabwino poyesa mafuta otuluka. Supuni ndi makapu zisiyeni, chifukwa mafuta ndi opepuka kuposa madzi: mililita imodzi imalemera pafupifupi 0.92 galamu, ndiye mukasokoneza magalamu ndi mamililita mwalakwitsa kale ndi 8 peresenti musanayambe n'komwe. Pezaninso bulenda yogwira pamanja, kapu yaitali yopapatiza, themomita, wotchi, timachubu ta pulasitiki ta mamililita 15 tokhala ndi zotsekera (osachepera 18), rula, poto, ndi mita kapena timapepala toyesera pH, nambala yosonyeza kuwawasa yomwe imatsika kuwawasa kukamakula. Viniga akhale woyera wa 5 peresenti. Onani pa botolo.

Mafuta a mpendadzuwa oyengedwa kwathu kuno, monga amene mungagule ku Kamwendo kapena ku Mkanda, amafuna kuyesedwa paokha kaye. Nthawi zambiri amakhala osefedwa chabe, ndipo mumatsala phula lochokera ku makoko a njere. Phulalo likazizidwa limauma kukhala timiyala tosongoka tomwe timaboola chikopa cha timadontho, moti mayonezi amene anali bwinobwino patebulo amakalekana m'filiji. Thirani mafuta pang'ono m'botolo loyera, agone m'filiji usiku umodzi. Akadzuka ali mbuu, mwina muwasefe ali ozizira pansalu yothinana, kapena mugwiritse ntchito a m'sitolo. Chachikulu n'chakuti mitundu yonse itatu ipangidwe ndi mafuta a m'botolo limodzi.

Mkaka wa soya ukonzeni dzulo lake. Viikani soya wouma magalamu 100 kwa maola 8 mpaka 12, mutaye madziwo, mupere ndi madzi atsopano mamililita 500, musefe pansalu. Uwiritseni kwa mphindi 15 mpaka 20 mukutakasa, chifukwa umathamangira kufufuma n'kutayikira pamoto. Kuwiritsaku kumachepetsa fungo la chiwisi komanso kumafooketsa zinthu za mu soya wosaphika zomwe zimasokoneza kugaya chakudya m'mimba. Mkaka umenewu ndi wokhathamira kuposa wakumwa uja, ndipo ndi dala.

Mitundu itatu

Mtundu uliwonse ukhale magalamu 200, kuti kuwerengera kuphweke.

Mtundu A: mafuta 150, chikasu cha dzira 18, viniga 20, madzi 6, mchere 3, shuga 3.
Mtundu B: mafuta 130, chikasu cha dzira 18, viniga 20, madzi 26, mchere 3, shuga 3.
Mtundu C: mafuta 130, mkaka wa soya 44, viniga 20, mchere 3, shuga 3.

A ali ndi mafuta 75 peresenti, B ndi C ali ndi 65 peresenti. Ambiri amalakwitsa popanga A ndi C okha, n'kunena kuti dzira laposa soya. Koma pamenepo asintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, mafuta ndi chogwirizanitsa, ndiye sangadziwe kuti chapangitsa kusiyana ndi chiti. B ndiye mlatho. A ndi B akusiyana pa mafuta pokha. B ndi C akusiyana pa chogwirizanitsa chokha. Dziwaninso kuti mpikisano wa B ndi C si wofanana mphamvu: chikasu cha magalamu 18 chili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 3 kuphatikizapo lesitini wake, pomwe mkaka wa soya wa magalamu 44 uli ndi pafupifupi magalamu 2. Zimenezi mudzazilembe mu lipoti.

Chikasu cha dzira lalikulu chimalemera magalamu 17 kapena 18, koma cha nkhuku yachikuda chimachepera. Swani mazira atatu, mulekanitse zikasu, muchigubuduze chilichonse papepala loyera kuti choyera chija chichoke, muzisakanize m'kapu imodzi, kenako mupime magalamu 18 kawiri. Mukatero A ndi B alandira dzira lofanana.

Kapangidwe

Zonse zikhale pa kutentha kumodzi, pakati pa madigiri 18 ndi 22. M'mwezi wa Juni izi zimangochitika zokha. Mu Okutobala ndi Novembala gwirani ntchitoyi m'mamawa, kapena muike kapu yanu m'beseni la madzi ozizira. Mafuta otentha amapereka mayonezi wamadzimadzi, ndipo dzira longotuluka m'filiji limachedwa kukuta timadontho.

Yambani ndi B. Ikani chikasu, madzi, mchere ndi shuga m'kapu, mupukuse masekondi 30 kuti mchere usungunuke. Mchere pano si wokometsera chabe: umamasula timibulu ta mapuloteni a m'chikasu kuti tithandize nawo kukuta mafuta. Tsono yambani kuthira mafuta bulenda ikuzungulira. Magalamu 30 oyamba alowe modontheza, kwa mphindi ziwiri zathunthu. Apa ndi pamene mayonezi amapangikira kapena kufera. Poyamba m'kapu mulibe timadontho tothandiza kudula mafuta atsopano, ndiye mukawakhuthula mafuta ndiwo amazinga madzi, ndipo zimangokhala phalaphala. Msanganizo ukayera n'kuyamba kugwira, thirani otsalawo ngati kaulusi kwa mphindi zinayi. Viniga alowe pomaliza, pang'onopang'ono, kenako mupukuse masekondi 30 n'kuzimitsa.

C apangidwe chimodzimodzi, ndi mphindi zomwezo ndi liwiro lomwelo la bulenda. Kuika viniga pomaliza n'kofunika kwambiri kwa soya. Mapuloteni a soya amaundana pH ikafika cha pa 4.5, monga mmene mkaka umadukira mukathiramo ndimu. Viniga akalowa mafuta asanalowe, mapuloteni amakhala atasanduka timibulu tosatha kuyala pa timadontho. Akalowa pambuyo, mapuloteni amakhala ali kale pamalo pawo, ndipo kuundana kwawo kumangomanga timadontho pamodzi. Mudzaona C akulimba mwadzidzidzi viniga atangolowa.

A ndi wosiyana pang'ono chifukwa madzi ake ndi ochepa zedi. Mukasunga viniga yense mpaka pomaliza, mafuta amasowa pokhala musanamalize kuwathira. Gawani viniga patatu: magalamu 7 poyamba pamodzi ndi chikasu, 7 mafuta akafika theka, 6 pomaliza. Chizindikiro chakuti madzi akuperewera n'chakuti mayonezi amalimba mopitirira, amanyezimira mafuta, ndipo mafuta atsopano amangosambira pamwamba osalowa. Mukaona zimenezo lekani kuthira, muike viniga wotsatira msanga.

Akalekana, wakukhitchini amatha kumupulumutsa: chikasu china m'kapu youma, n'kumathiramo wolekanayo pang'onopang'ono. Koma wopulumutsidwayo sayeneranso kulowa m'mayeso, chifukwa miyezo yake yasintha. Tayani, yambaninso.

Mayeso awiri achangu

Tapani kamayonezi kochepa ngati njere ya chimanga, mukaike m'tambula ya madzi n'kutakasa. Akabalalika madziwo n'kuyera ngati mkaka, ndiye kuti madzi ndiwo ali kunja, mafuta ali m'timadontho, monga ziyenera kukhalira. Akakana kusakanikirana n'kumayandama ngati diso la mafuta pa msuzi, imalishoni yatembenuka, ndipo palibe chifukwa chopitirizira.

Kenako pH. Sungunulani magalamu 10 a mayonezi m'madzi osungunulira a mu labu mamililita 90, muviike mita. Mayonezi wa m'sitolo amakhala pakati pa 3.6 ndi 4.0, ndipo malire amene amatsatidwa pofuna kuthana ndi kachilombo ka Salimonela ka m'mazira osaphika ndi 4.1 kutsika pansi. Ndi viniga wa magalamu 20 muyenera kukhala pansi pa malirewo, koma yesani ndithu, chifukwa viniga wina wogulitsidwa m'mabotolo opanda chizindikiro amakhala wothiridwa madzi. Ndimu ndi wovutirapo: kuwawasa kwake kumasiyana mtengo ndi mtengo. Zonse zomwe zalowa m'mayeso otsatirawa si zolawa, ngakhale zioneke zokoma bwanji.

Mayeso a kutentha

Awa ndiwo amapereka yankho tsiku lomwelo. Mtundu uliwonse utenge timachubu titatu. Pimani kachubu kopanda kanthu, mulembe. Ikanimo mayonezi magalamu 10, pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano kuti asapakike m'mbali, mugogode kachubuko patebulo kuti mpweya utuluke, mupimenso. Mphako ya mpweya ikatsala m'kati, mafuta amakasonkhana mmenemo ndipo simuwaona.

Tenthetsani madzi m'poto mpaka madigiri 80, muimike timachubu tonse 9 nthawi imodzi, madzi apitirire pomwe mayonezi walekezera. Tikhale mphindi 30. Pa mbaula ya makala kusunga madigiri 80 n'kotheka ngati poto ndi wamkulu: madzi ambiri sasintha msanga, ndipo mumangophula ndi kutereka mukuyang'ana themomita. Timachubu tisagunde pansi pa poto, yalanipo kansalu. Nthawi ikakwana tiziziritseni m'madzi apampopi kwa mphindi 15.

Ngati labu yanu ili ndi makina ozunguza timachubu aja otchedwa sentirifuji, tizunguzeni mphindi 30 pa 4000 rpm, kutanthauza kuzungulira ka 4000 pa mphindi imodzi, moyang'anizana tolemera mofanana. Mulembe dzina la makinawo, chifukwa rpm yomweyo pa makina a mkono wautali imakoka mwamphamvu kuposa pa aafupi. Ngati makinawo palibe, imikani timachubu chilili kwa maola 24. Mafuta otuluka adzachepa, koma mndandanda wa wolimba ndi wofooka umaonekabe, bola musayerekeze manambala anu ndi a munthu amene anazunguza.

Tsopano chotsani mafuta apamwamba. Akokeni ndi sirinji, kenako mupendeke kachubu pa pepala lomwa mafuta kwa mphindi 5, mupukute m'milomo, mupime. Kuwerengera kwake ndi uku:

```
ES (%) = (F1 / F0) x 100
```

ES ndi kukhazikika kwa imalishoni, F0 ndi kulemera kwa mayonezi poyamba, F1 ndi kulemera kwa amene watsala mafuta atachotsedwa.

Tiyerekeze ndi manambala achitsanzo. Kachubu koyamba ka C kopanda kanthu kalemera magalamu 6.50, ndi mayonezi 16.50, ndiye F0 ndi 10.00. Mafuta atachotsedwa kalemera 15.90. Kuchotsapo 6.50 kutsala 9.40, choncho kukhazikika kwake ndi 94.0 peresenti. Tinene kuti tinzake tiwiri tapereka 93.2 ndi 81.5. Wothamanga angaphatikize atatuwo n'kupeza 89.6, koma nambala imeneyi sikunena zoona za kachubu kalikonse. Tiwiri tagwirizana, kachitatu kapatuka ndi mapointi oposa 11, ndiye funsani chifukwa. Kawirikawiri mumapeza kuti pokoka mafuta sirinji inayamwako mayonezi, kapena chotsekera sichinatseke n'kulowa madzi, kapena kachubuko kanatapidwa pamwamba pa kapu pomwe bulenda sinafike bwino. Musangokafufuta mwakachetechete. Lembani zomwe mwaona, mubwereze C yense.

Tinene kuti mwabwereza, C wakhazikika cha pa 93.5, B wapereka 97.6, 98.0 ndi 97.3, ndipo A wapereka 99.1, 98.7 ndi 99.3. Kusiyana kwa B ndi C, mapointi anayi, n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa timachubu ta mtundu umodzi, komwe sikukufika pointi imodzi, choncho mukhoza kukukhulupirira. Kukanakhala kuti timachubu ta B tokha tikusiyana ndi mapointi atatu, simukananena chilichonse. Ndipo kupanga kapu imodzi n'kuigawa patatu kumangoyesa dzanja lanu popima. Kuti munene za njira yopangira, pangani mtundu uliwonse katatu, masiku osiyana.

Mayesowa ali ndi chinyengo chake. Chikasu cha dzira chimayamba kupsa cha pa madigiri 65, ndiye pa 80 mapuloteni ake amagwirana ngati dzira lophika, ndipo amatha kutsekera mafuta m'kati ngakhale timadontho taphatikana kale. Mapuloteni a mkaka wa soya anawira kale pa madigiri oposa amenewo, choncho sasintha mofanana. Mwa ichi, mukatha kupima, bayani mayonezi wotsalayo ndi kawaya. Mukaona mafuta akutumphuka m'mabowo, nambala yanu yamukometsera.

Mayeso a kusunga

Awa ndi ochedwa koma ndiwo amafanana ndi zomwe zidzachitike pa shelefu kapena pa tebulo la wogulitsa tchipisi. Dzazani timachubu tina mpaka mamilimita 80, mutseke, mulembe mzere pomwe mayonezi walekezera. Ka mtundu uliwonse kamodzi kapite m'filiji pa madigiri 4 kapena 5, kena kakhale m'kabati, kachitatu pamalo otentha a madigiri 35 mpaka 40, monga m'katoni pansi pa denga la malata. Themomita ikhale pomwepo, muzilemba m'mawa ndi masana. Magetsi akathima lembaninso maola ake, apo ayi mudzanamizira soya mlandu wa filiji. Kachubu kasayandikire kuchipinda cha ayezi: madzi akaundana amakankha timadontho mpaka zikopa kung'ambika, ndipo mayonezi aliyense, wa dzira kapena wa soya, amalekana akasungunuka.

Yang'anani tsiku 1, 3, 7 ndi 14, osagwedeza. Pali zinthu ziwiri zosiyana zofunika kuzisiyanitsa, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Choyamba ndi madzi odikha pansi. Apa timadontho tikadali tamoyo, tangokwera m'mwamba chifukwa mafuta ndi opepuka, n'kusiya timadzi totuwa kunsi. Pimani msinkhu wa madziwo ndi rula.

```
CI (%) = (Hs / Ht) x 100
```

CI ndi peresenti ya madzi odikhawo, Hs ndi msinkhu wa madzi apansi, Ht ndi msinkhu wonse. Madzi a mamilimita 6 m'kachubu ka 80 ndi 7.5 peresenti. Vutoli muliyembekezere kwa B ndi C kuposa A, chifukwa pa 65 peresenti timadontho tili ndi mpata woyenda. Liwiro lokwerera limadalira kwambiri kukula kwa kadontho: mukachepetsa kukula kwake ndi theka, kamakwera pang'onopang'ono kanayi. Choncho mankhwala ake ndi kupukusa kokwanira, kapena kukhathamiritsa madziwo. N'chifukwa chake mayonezi wa mafuta ochepa wa m'sitolo amakhala ndi sitachi. Inu mukhoza kuyesa phala lopyapyala la sitachi wa chinangwa, lophika n'kuzizira, m'malo mwa gawo la madzi a B, ngati mtundu wachinayi.

Chachiwiri ndi mafuta oyera pamwamba kapena m'mbali mwa kachubu. Apa timadontho taphulika n'kuphatikana, ndipo sizibwerera. Chifukwa chake chimakhala chogwirizanitsa chochepa, mafuta othiridwa mothamanga, phula lija, kapena kutentha. Sitachi sangathandize kwenikweni. Onjezani chikasu, khathamiritsani mkaka wa soya, kapena chepetsani mafuta. Ufa wa njere za mpiru, galamu imodzi pa magalamu 200, umathandizako chifukwa khungu la njerezo lili ndi ulimbo woterera ngati wa therere, koma ndi wothandizira chabe, sungagwire mafuta onsewo pawokha.

Ngati pali maikulosikopu, imakuuzani za vuto lachiwirili masiku angapo maso asanaone. Sungunulani kamayonezi kochepa ngati mutu wa machesi m'madzi mamililita 5, mosakhutchumula, mudonthetse pagalasi, muvundikire, muone pa kukuza kwa 400. Jambulani ndi foni pa diso la makinawo tsiku 1 ndi tsiku 7, kuchokera m'botolo lina losungidwa pambali pa timachubu kuti musasokoneze topimidwa ndi rula. Timadontho ting'onoting'ono tofanana ndi chizindikiro chabwino. Timagulu ta timadontho tomatirirana ngati mazira a chule, makamaka mwa C, si vuto pakokha. Ndi kuundana kwa mapuloteni kuja. Choopsa ndi madontho akuluakulu ochepa amene sanalipo tsiku loyamba, chifukwa lililonse la iwo lameza anzake ambirimbiri, ndipo kachubu ka pansi pa malata kadzaonetsa mafuta pamwamba posachedwa.

Kachubu kakatupa chotsekera, kuchita thovu kapena kununkha mosasa mwachilendo, kachotseni m'mayeso n'kulemba tsiku lake. Pamenepo ndi tizilombo tayamba kudya shuga, ndipo mpweya wake umasokoneza msinkhu womwe mukupima. Yang'anani pH ya mtundu umenewo yomwe munalemba tsiku loyamba; ngati inali pamwamba pa 4.1, onjezani viniga magalamu 4, muchotse magalamu 4 a madzi kapena a mkaka wa soya, ndipo muchite chimodzimodzi kwa B ndi C onse kuti akhalebe oyerekezeka.